Mankhwala a mwana asalowe m'botolo la mkaka

Kuno ku Chigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, ndi makomo ochepa amene sanadwazikepo mwana malungo. Timapita naye ku kiliniki ya m'mudzi, mlangizi wa zaumoyo amamuyeza magazi a pachala, n'kutipatsa LA, mankhwala amene dziko lathu linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 m'malo mwa Fansida. Nkhondo imayambika tikafika kunyumba. Mwana wa zaka ziwiri amaluma mano, amatembenuza mutu, ndipo zikalowa m'kamwa amalavula. Pamenepo ambiri a ife timaganiza zophwanya piritsi n'kulithira m'botolo kapena m'kapu yodzaza mkaka kuti amwe osazindikira. Ooneka ngati nzeru, koma machitidwe amenewa amamana mwana mankhwala ake.

Tiyeni tiwerengere. Mwana wolemera makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi la LA nthawi iliyonse, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi mapiritsi 6. Tinene kuti tathira piritsi m'botolo la mamililita 200. Mwana wa malungo sakhala ndi chilakolako cha chakudya, ndiye wamwa theka n'kulikankha. Tingaganize kuti walandira theka la mankhwala, koma mwina sanafikeko. LA sasungunuka ngati shuga. Ufa wake wachikasu umadikha pansi, wina umamatirira m'mbali mwa botolo. Sitingadziwe kuti wamwa wochuluka bwanji, choncho sitingadziwenso ngati tiwonjezere kapena ayi. Kusunga mkaka wotsalawo kuti adzamalize masana n'kosatheka ndi kutentha kwa kuno, chifukwa umasasa msanga n'kumutsekula m'mimba.

Pali vuto linanso. Mwana akamva kuwawa mumkaka amayamba kuukayikira, ndipo akhoza kuukana kwa masiku angapo, pa nthawi imene thupi lake likuufuna kwambiri.

Komabe mkaka uli ndi ntchito yake. LA amalowa bwino m'magazi akatsatana ndi chakudya chokhala ndi mafuta, monga mkaka wa m'mawere, mkaka wa ng'ombe wowiritsa kapena phala lotendera nsinjiro. Chofunika ndi ndondomeko yake: mankhwala ayambe, m'madzi ochepa amene mwana angamalize, kenaka mkaka ubwere pambuyo kudzatsuka m'kamwa.

Titenge chitsanzo cha mwana wa zaka ziwiri wolemera makilogalamu 11, wa m'mudzi wina kufupi ndi Ngabu. Wamwa piritsi loyamba pamaso pa mlangizi nthawi ya 8 koloko m'mawa. Lachiwiri liyenera kubwera patatha maola 8, ndiye kuti 4 koloko madzulo. Mawa lake ndi mkucha amwa m'mawa ndi madzulo.

Nthawi ya 4 koloko isanakwane, amake akonzeratu zonse mwana asakuona: kapu yaing'ono, madzi owiritsa ozizira, supuni, ndi mkaka kapena phala pambali. Ayang'ana mtundu wa piritsi. LA wa ana aang'ono nthawi zambiri amakhala wophwanyika yekha m'madzi, ndipo anamuika kotsekemera. Ameneyu amuika m'madzi okwana masupuni aang'ono awiri, pafupifupi mamililita 10, n'kutakasa pang'ono mpaka piritsi litaphwanyika lonse. Ngati ali wouma uja wowawa, amupera pakati pa masupuni awiri n'kumusakaniza ndi madzi ochepa omwewo, kapena ndi supuni imodzi yokha ya phala kapena nthochi yokanya. Supuni imodzi mwana amaimaliza, pomwe mbale yonse saimaliza.

Kenaka amukhazika pamwendo ali tsonga, msana wake utatsamira pachifuwa chawo. Dzanja limodzi la amake lazungulira manja a mwanayo ngati akumukumbatira. Bambo ake kapena agogo ali kutsogolo ndi mankhwala. Ngati kuchipatala anatipatsa sirinji yopanda singano, imaposa supuni, chifukwa mwana akaigunda mankhwala satayika. Tiilowetse pambali pa kamwa, tiiloze m'kati mwa tsaya, ndipo tifinye pang'onopang'ono, kudikira kuti ameze tisanafinyenso. Mankhwala odutsa m'tsaya sakhudza kwambiri lilime, ndipo ndi ovuta kuwalavula. Tisaloze kukhosi, angatsamwe.

Akamaliza, tithire masupuni ena awiri a madzi m'kapu muja, tizunguze, timumwetsenso. Ambiri timaiwala zimenezi, chonsecho ufa wachikasu wotsalira pansi pa kapu ndi gawo la mlingo wake. Zikatero amake amuyamwitse kapena amupatse mkaka kapena phala lija nthawi yomweyo.

Mawu athu nawonso amathandiza. Mwana wa zaka ziwiri amamva zambiri kuposa zimene amayankhula. Amake anene mwachidule ndi nkhope yodekha: "Mwanawe, awa ndi mankhwala. Akuwawa pang'ono. Ukameza umwa mkaka." Amupatse chosankha chaching'ono, monga kumwera pamwendo pa agogo kapena pa bambo ake, koma asamufunse ngati akufuna kumwa, chifukwa yankho tikulidziwa kale. Tisamunamize kuti ndi switi. Akazindikira bodza sadzatsekulanso kukamwa, ndipo akakhulupirira, tsiku lina adzadzitengera yekha mapiritsi a m'nyumba n'kutafuna. Tisamuopsezenso ndi jakisoni, popeza tsiku lina adzafunikadi kubayitsa.

Ambiri tinakula tikuona mwana akugonekedwa chagada, kutsinidwa mphuno, n'kuthiridwa mankhwala pamene akulira. Izi n'zoopsa. Mwana amene akulira amakoka mpweya mwadzidzidzi, ndipo madziwo akhoza kulowa njira ya kumapapo. Akalira kwambiri, timuleke kwa mphindi zochepa, timutonthoze, tiyambirenso.

Nanga akabweza? Tisiyanitse kudontha ndi kusanza. Timadontho tochepa totsikira pachibwano si chifukwa chomupatsira piritsi lina. Koma akasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni, mankhwala amakhala asanalowe m'thupi. Tidikire m'mimba mukhazikike, timupatse piritsi lina, ndipo tibwerere kwa mlangizi kukatenga lolowa m'malo kuti mapiritsi 6 aja akwane. Akasanza patapita nthawi yaitali, tingodikira nthawi ya piritsi lotsatira.

Tsiku lachiwiri thupi limazizira, mwana amayamba kusewera, ndipo mphamvu zokanira zimachuluka. Apa ndi pamene timagwa ulesi n'kusunga mapiritsi otsala. Koma tizilombo ta malungo timakhala tisanathe m'magazi, ndipo mapiritsi omalizawo ndi amene amatimaliza. Mwana amene walandira mlingo woperewera timamuzindikira ndi kutentha thupi kosatsika pofika tsiku lachitatu, kapena kobwereranso patangopita masiku ochepa. Zikatero tipite naye kuchipatala, ndipo tikanene zoona za mmene anamwera. Adokotala akamva kuti mapiritsi awiri anathera m'botolo, amadziwa chochita mosiyana ndi akamva kuti anamwa onse.

Pali nthawi imene luso lomwetsa silithandizanso. Mwana akamasanza chilichonse, akakanika kuyamwa kapena kumwa, akakomoka kapena kugwidwa ndi linjirinjiri, kapena akafooka mpaka kuvuta kumudzutsa, tisamukakamize kanthu pakamwa. Amenewo ndi malungo aakulu ofuna jakisoni. Tinyamuke nthawi yomweyo kupita kuchipatala chapafupi, kaya ndi ku Chikwawa, ku Montfort ku Nchalo, ku Ngabu, ku Trinity ku Muona kapena ku Nsanje, ngakhale utakhala usiku.

Njira ya madzi ochepa, tsaya, ndi kutsuka kapu imagwiranso ntchito pa mapiritsi ena a ana ophwanyika m'madzi, monga a chibayo. Kusiyana kuli pa mkaka. Mankhwala ena, monga owonjezera magazi, salowa bwino m'thupi akakumana ndi mkaka. Choncho tisanachoke pa zenera lolandirira mankhwala tifunse mafunso awiri: kodi piritsili tingaliphwanye, ndipo kodi mwana angamwe mkaka akangomeza?