Kompyuta Ili pa Boma, Mlembi Ali kwa Mwase

Tiyerekeze mlembi wa kopaletivu ya alimi amene ali ku msonkhano kwa Mfumu Mwase, pamene kompyuta yokhala ndi kaundula wa zokolola yatsala mu ofesi pa boma la Lundazi. Mlimi wina wadandaula kuti anapereka matumba 21 a soya, koma m'kaundula munalembedwa 12. Kale mlembiyo akadapalasa njinga kukafika pa boma. Lero angathe kukonza colakwaco ndi foni yake, malinga ngati anakonzekera asanacoke.

Njira yake ndi pulogramu yaulere yochedwa Chrome Remote Desktop. Foni imaonetsa cithunzi ca sikilini ya kompyuta, ndipo zala za mwini foni zimatumiza malamulo. Nchito yeniyeni imacitikira pa kompyutapo, osati m'foni.

Kukonzekera kumacitika mu ofesi. Mlembi atsegule `remotedesktop.google.com/access` pa kompyuta, aike pulogramuyo, ndi kusankha nambala yacinsinsi ya manambala osacepera 6. M'foni aikemo pulogramu yomweyo, nalowe ndi akaunti ya Google imodzimodziyo. Kenaka aletse kompyuta kugona posankha `Never` pa `Sleep`, pakuti kompyuta yogona siyankha. Acepetsenso `Display resolution` kufika pa 1280 x 720. Akatero zilembo zimaoneka zazikulu pa foni, ndipo cithunzi cimapepuka, cosadya bandulo yambiri.

Atafika kumudzi, agoneke foni cam'mbali kuti ifanane ndi sikilini ya kompyuta. Pali njira ziwiri zoyendetsera. Pa yoyamba munthu amagunda pomwe afuna, koma cala ca munthu wolima ncacikulu kuposa kabokosi ka m'kaundula, ndipo nkosavuta kugunda mzere wa mlimi wina. Yaciwiri, yochedwa `Trackpad mode`, ndiyo yoyenera nchito ya manambala. Cala cikamakwekwereza pa galasi, kamuvi kamayenda pang'onopang'ono. Kakafika pamalo pake, munthu agunde kamodzi. Kugunda ndi zala ziwiri kumatulutsa mndandanda wa batani la kumanja la mausi, kukwekwereza zala ziwiri kumakweza kapena kutsitsa tsamba, ndipo kuzitambasula kumakulitsa cithunzi.

Tsono mlembi wathu akulitse cithunzi kufikira dzina la mlimi liwerengeka bwino, aike kamuvi pa 12, agunde kamodzi, ndi kuyembekeza kuti kabokosiko kazingidwe ndi mzere. Apo ndipo atulutse kiyibodi, alembe 21, natsimikize ndi `Enter`. Popeza kiyibodi imaphimba mbali yaikulu ya sikilini, aibise ndi kuonanso ngati nambala yagwera pa dzina loyenera, asanagunde `Save`.

Ngozi yaikulu imadza pamene netiweki yafooka. Cithunzi cimaima, munthu naganiza kuti kugunda kwake sikunamveke, nabwereza kanayi. Koma kawirikawiri malamulowo amangocedwa m'njira, ndipo akafika onse pamodzi angathe kufafaniza kapena kulemba pa mzere wolakwika. Lamulo lake nlimodzi: gundani kamodzi, dikirani muone cotsatira. Kamuvi kakaleka kuyenda, cotsani zala pa galasi.

Kulumikizana kukaduka, musade nkhawa. Kaundula akali wotseguka pa boma monga munamusiyira, ndipo mukalowanso mudzapitiriza pomwepo. Cimene cimaononga nchito ndi kuzima kwa magetsi ku ofesi, cifukwa kompyuta yopanda batire imataya zimene sizinasungidwe. Ncifukwa cake muzisunga mukangosintha nambala iliyonse.

Kodi mungadziwe bwanji kumene kuli vuto? Yesani kutsegula tsamba lina lililonse pa foni. Likakana, vuto lili kwa inu: onani bandulo, kapena kwerani pa culu pamene MTN, Airtel kapena Zamtel imagwira bwino. A kufupi ndi malire a Malawi aonenso dzina la netiweki, pakuti foni nthawi zina imalumphira ku nsanja za tsidya lija. Koma tsamba likatseguka, pamene dzina la kompyuta likuoneka lotuwa ndi losayankha, vuto lili ku ofesi: magetsi azima, kompyuta yagona, kapena intaneti yatha. Apo palibe cimene foni ingacite. Tumizani munthu akayatse.

Kumbukiraninso kuti aliyense wokhala mu ofesi aona zonse zimene mucita pa sikilini. Nambala yacinsinsi ndi kiyi wa nkhokwe, ndipo mlendo woimba foni namapempha kuti alowe m'kompyuta yanu musamulole.

Njirayi njabwino pokonza nambala imodzi kapena kutumiza kalata yoiwalika. Kulemba maina a alimi onse a m'kopaletivu, imeneyo ndi nchito ya pa mpando, pa boma.