Zomwe foni yanu ndi seva zimauzana tsamba lisanatseguke

Tsamba la pa intaneti likakana kutseguka, ambiri timathamangira kunena kuti netiweki yavuta kapena bandulo yatha. Koma nthawi zina pamaoneka nambala, monga 404 kapena 503, ndipo nambala imeneyo kawirikawiri imasonyeza kuti uthenga wa foni yanu unafika ndithu, nkuyankhidwa. Kuti izi zimveke, tione zomwe zimachitika munthu akangolemba adiresi ya tsamba.

Pali mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi burawuza, pulogalamu yomwe timatsegulira masamba, monga Chrome kapena Firefox. Yachiwiri ndi seva, kompyuta yosunga masambawo, yomwe imakhala yoyaka usana ndi usiku kudikira wopempha. Ziwirizi zimalankhulana motsata malamulo otchedwa HTTP, omwe anayambitsa Tim Berners-Lee pa malo a kafukufuku a CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Lamulo lalikulu ndi lakuti burawuza ndiyo imayamba kupempha, seva nkuyankha.

Tinene kuti mwalemba example.com. Burawuza imayamba yafunsa kaye ku DNS, komwe mayina a masamba amasanduka manambala osonyeza komwe kuli seva. Ikapeza nambalayo imalumikizana ndi sevayo, kenaka nkutumiza pempho. Mu HTTP/1.1, mtundu womwe unakhazikitsidwa mu 1997, chiyambi cha pempho chimaoneka chonchi:

```
GET / HTTP/1.1
Host: example.com
```

Mawu akuti GET akutanthauza kuti "ndipatseni". Kachizindikiro ka / kakuimira tsamba loyamba, pomwe mzere wa Host ukutchula dzina la malo omwe mukufuna, chifukwa seva imodzi ikhoza kusunga malo ambirimbiri a eni osiyana. Burawuza imaonjezerapo mizere ina yonena dzina lake ndi chilankhulo chomwe mwini foni amakonda, nkumaliza ndi mzere wopanda kanthu, kusonyeza kuti yatsiriza kulankhula.

Seva ikapeza chomwe chapemphedwa imayankha motere:

```
HTTP/1.1 200 OK
Content-Type: text/html
```

Pansi pa mizereyi pamabweranso mzere wopanda kanthu, kenaka tsamba lenilenilo. Nambala ya 200 ikunena kuti zonse zayenda bwino, ndipo Content-Type ikuuza burawuza kuti chomwe chikubwera ndi tsamba lolembedwa mu HTML, osati chithunzi kapena nyimbo.

Apa mpomwe ambiri sadziwa: yankho loyambali silibwera ndi zithunzi ayi. Limangotchula komwe zili. Burawuza ikaliwerenga imatumizanso pempho lina pa chithunzi chilichonse, moti tsamba lodzaza zithunzi ndi zotsatsa malonda limafuna mapempho ochuluka. Nchifukwa chake netiweki ikafooka mawu amayamba kuoneka, zithunzi nkumabwera pambuyo chimodzichimodzi. Kumenekonso nkomwe kumathera bandulo.

Ine ndimaona kuti pa zonsezi, chomwe munthu wamba ayenera kuchigwiritsitsa ndi nambala ya manambala atatu ija, makamaka yoyambirira yake. Ikayamba ndi 2, zatheka. Ikayamba ndi 3, monga 301, seva ikunena kuti tsambalo linasamukira kwina, ndipo burawuza imapita yokha ku adiresi yatsopano inu osazindikira nkomwe.

Ikayamba ndi 4, seva yalandira pempho koma yalipeza ndi vuto. Mukalemba example.com nkuonjezerapo dzina la tsamba lomwe kulibe, yankho loyenera ndi 404, kutanthauza kuti sevayo ilipo koma chomwe mwatchulacho sinachipeze. Mwina mwaphonya chilembo, mwina eni ake analichotsa. Pomwe 403 ikunena kuti seva yamva bwinobwino, koma yakana kukupatsani. Pa ziwirizi, kubwereza pempho lomwelo kambirimbiri sikusintha kanthu.

Ikayamba ndi 5, vuto lili kwa eni seva. Nambala ya 500 imatanthauza kuti pulogalamu ya pa seva yalephera ntchito, ndipo 503 imabwera seva ikathodwa kapena ikamakonzedwa. Izi zimakonda kuchitika anthu ambiri akakhamukira pa tsamba limodzi nthawi imodzi, monga tsiku lotuluka zotsatira za mayeso. Aliyense akamakanikiza batani lobwereza mosalekeza, ndiye kuti akuisenzetsa sevayo katundu winanso.

Nzosiyana kwambiri ndi pomwe burawuza ikungonena kuti palibe intaneti kapena kuti yalephera kufika pa tsambalo, popanda nambala ngati zimenezi. Pamenepo yankho la HTTP silinabwere nkomwe. Yesani kutsegula tsamba lina: likakananso, onani netiweki ndi bandulo yanu. Koma mukaona 404, werenganinso adiresi chilembo ndi chilembo, ndipo mukaona 503, dikirani pang'ono musanayeserenso. Musawononge ndalama kugula bandulo ina.