Ngalande za m'fupa: mmene ositiyoni imamangidwira

Mukadula fupa la ntchafu mopingasa, pakati mupezapo mphako ya mafuta a m'mafupa, ndipo chozungulira mphakoyo ndi chikhoma cholimba gwa, chooneka ngati chilibe kabowo n'kamodzi komwe. Pa maikulosikopu nkhani imasintha. Chikhomacho n'chodzaza ndi timizati tozungulira, togona motsata utali wa fupa. Kamzati kamodzi ndiko ositiyoni. M'mimba mwake ndi pafupifupi mamilimita 0.2, kotero zisanu zitaikidwa mogundizana zingadzaze milimita imodzi yokha.

Pakati pa ositiyoni iliyonse pamadutsa kangalande konyamula timitsempha ta magazi ndi ta uthenga. Amakatcha ngalande ya Havers, pokumbukira Clopton Havers, dokotala wa ku England amene anafotokoza timabowoti m'buku lake la mu 1691. Ngalande zina, za Volkmann, zimadutsa mopingasa n'kumalumikiza ngalande za Havers. Kuzungulira ngalandeyo pali timiyalo ta fupa, nthawi zambiri pakati pa 5 ndi 20, tofanana ndi mizere ya pachitsa cha mtengo wodulidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mtengo umakulira kunja, pomwe ositiyoni imamangidwa kuchokera kunja kulowa m'kati. Chifukwa chake n'chakuti ositiyoni ndi dzenje lomwe linakumbidwa m'fupa lakale kenako n'kukwiriridwa.

Okumba ake ndi maselo otchedwa ositiyokilasiti, aakulu ndithu, amene amapangika maselo angapo a mtundu wa maselo oyera a m'magazi akaphatikizana. Selo lotere limakakamira pafupa n'kutulutsa asidi wosungunula kashiyamu ndi fosifeti, komanso mankhwala ena ogaya kolajeni, ulusi umene umalimbitsa fupa kuti lisaphwanyike msanga. Maselowa amayenda pagulu, kuboola njira motsata fupa, ndipo mtsempha wa magazi umamera pambuyo pawo. Pamalo amodzi kukumbako kumatha m'masabata ochepa.

Kukwirira ndiye kumachedwa, kumatenga miyezi itatu kapena inayi. Ntchitoyi ndi ya maositiyobulasiti, amene amandanda pakhoma la dzenjelo n'kuyala kolajeni wofewa. Pakapita masiku ngati 10, kashiyamu ndi fosifeti zimayamba kukhazikika m'kolajeniyo mpaka muyalo wauma. Luso lagona pa kayalidwe kake: ulusi wa muyalo umodzi umapendekera mbali ina, wa muyalo wotsatira umapendekera kwina. Choncho mng'alu ukayamba sudutsa mowongoka, umakhotakhota n'kutha mphamvu. Miyalo ikamachuluka dzenje limachepa, mpaka patatsala kangalande ka mtsempha kaja. M'mphepete momwe okumba analekezera mumatsala mzere wooneka bwino, malire a ositiyoni yatsopano ndi fupa lakale.

Ena mwa omangawo amadzikwirira m'fupa lomwe akumangalo. Safa ayi, amasanduka maositiyosayiti. Selo lililonse limakhala m'kachipinda kake pakati pa miyalo, n'kutambasula timanja tambirimbiri kudzera m'timipata topyapyala kwambiri, mpaka kukakhudza anzake. Chakudya chochokera m'ngalande chimayenda m'timipatamo, ndipo sichingafike patali kwambiri. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene ositiyoni sizikulira kuposa pamenepa.

Kwa ine, maselo okwiririkawa ndiwo oyenera kuwadziwa bwino koposa. Mwa maselo 100 alionse a m'fupa la munthu wamkulu, oposa 90 ndi maositiyosayiti, ndipo ena amakhala moyo zaka makumi angapo. Munthu akamayenda kapena kusenza katundu, fupa limapindika pang'ono kwambiri, madzi a m'timipata tija n'kusuntha, ndipo maselowa amamva. Fupa likamagwiritsidwa ntchito, amachepetsa kutulutsa puloteni yotchedwa sikilerositini, imene imaletsa omanga kumanga. Munthu akagona pabedi miyezi ingapo osaponda pansi, puloteniyo imachuluka ndipo mafupa amayamba kupyapyala. Mng'alu waung'ono ukadula timanja tawo, maositiyosayiti a pamalopo amafa, ndipo oyandikana nawo amatumiza chizindikiro choitana okumba kuti adzachotse malo owonongekawo. Mwa njira yotere, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mafupa a munthu wamkulu limasinthidwa chaka chilichonse.

Vuto limabwera chifukwa kukumba kumafulumira kuposa kukwirira. Mayi akasiya kusamba, timadzi ta esitirojeni timachepa, okumba amachuluka, ngalande zimatsala zazikulu ndipo fupa limathyoka mosavuta. Achinyamata nawo si kuti apulumuka. Wongolowa kumene usilikali, kapena wothamanga amene wawonjezera mtunda mwadzidzidzi, amang'alula fupa la msongolo pang'onopang'ono m'malo ambiri nthawi imodzi. Okumba amatsegula maenje m'malo onsewo, ndipo kwa masabata angapo fupalo limakhala lofooka kuposa kale, poti omanga sanamalize. Akapitiriza kuthamanga, timing'alu timalumikizana. Chizindikiro chake ndi ululu wa pamalo amodzi, poti munthu angaloze ndi chala, umene umakula akamathamanga n'kuchepa akapuma. M'masabata awiri kapena atatu oyamba ekiselo nthawi zambiri sionetsa kanthu, choncho dokotala akakayikira mng'alu wotere amamuletsa munthuyo kuthamanga kwa masabata angapo ngakhale chithunzi chioneke chabwino.