Imelo Yofunsa Ngati CV Inafika ndi Kuunikidwa

Munthu akatumiza CV yofunsira ntchito n'kukhala masiku osamva kanthu, angathe kulembera mkulu wolemba anthu ntchito imelo yaifupi yofunsa kuti zili pati. Imeloyi imanyamula mafunso awiri osafanana. Loti CV inafika ndi losavuta, chifukwa wolandirayo amangofufuza dzina m'bokosi lake la maimelo. Loti yaunikidwa ndi lolemera, pakuti kawirikawiri sangaulule kanthu komiti yosankha isanakumane. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa nthawi imene osankhidwa adzauzidwe, kusiyana ndi kufunsa ngati munthu wapambana.

Asanalembe, wofunsira ntchito ayenera kutsimikiza kuti vuto silili kwa iye. Ayang'ane mu Sent kuti aone ngati adiresi inalembedwa molondola komanso ngati CV inaphatikizidwadi. Ayang'anenso mu Spam, momwe mayankho ena amagwera. Pa Gmail, uthenga wochokera ku Mail Delivery Subsystem wonena kuti adiresi sinapezeke umatanthauza kuti imelo sinafike, ndipo pamenepo chofunika ndi kutumizanso msanga, osati kufunsa.

Nthawi imawerengedwa kuchokera pa tsiku lotsekera kulandira makalata, osati pa tsiku lotumiza, chifukwa maofesi ambiri sayamba kusankha tsikulo lisanakwane. Ngati ntchito ya akauntanti inatsekedwa pa 14 Malichi ndipo munthu anatumiza pa 3 Malichi, kufunsa pa 10 Malichi n'kufulumira. Kuyambira pa 24 mpaka pa 28 Malichi ndi nthawi yoyenera. Koma ngati chidziwitso cha ntchito chinanena kuti okhawo osankhidwa ndiwo adzauzidwa, funso lokhalo loyenera ndi loti CV inafika. Ngati chinaletseratu kufunsa, asalembe n'komwe.

Pa Subject palembedwe dzina la udindo ndi nambala ya chidziwitso ngati ilipo, popeza wolemba ntchito mmodzi amayendetsa maudindo angapo nthawi imodzi. Uthengawo, ngakhale utalembedwa m'Chingelezi monga zimakhalira m'maofesi ambiri, umayenda motere:

"Okondedwa Bwana, pa 3 Malichi ndinatumiza CV yanga yofunsira ntchito ya akauntanti imene inatsekedwa pa 14 Malichi. Ndimati ndidziwe nawo ngati munailandira, komanso ngati kuunika kunayamba, osankhidwa adzauzidwa liti. Ndaiphatikizanso pano kuti musavutike kuifufuza. Zikomo kwambiri."

Pansi pake pabwere dzina lonse ndi nambala ya foni. CV yobwerezayo ikhale ya PDF, yotchulidwa ndi dzina la mwiniwake, ndipo ikhale yomwe ija inatumizidwa poyamba, chifukwa yosinthidwa imasokoneza ounika.

Chimene chimaononga maimelo otere ndi kudandaula, kufotokoza mavuto a kunyumba, kapena kulemba mobwerezabwereza. Pakapita sabata ina popanda yankho, chikumbutso chimodzi chotumizidwa pansi pa uthenga woyamba n'chokwanira. Chachitatu sichifulumizitsa komiti, chimangotopetsa woyankhayo.