Chikwangwani cha ejenti chizikopa, chizichenjezanso

Mumsika wa Limbe ngakhale pa depoti ya ku Lilongwe, ma ejenti ali ndandanda: ofiira a Airtel Money uku, obiriwira a TNM Mpamba uko. Chiyambireni Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, achuluka moti kasitomala amachita kusankha poima. N'chifukwa chake aliyense amalemba kanthu pachikwangwani. Koma ambiri amangolemba kuti "Odalirika" kapena "Zachangu", mawu omwe ngakhale wakuba akhoza kulemba osachita manyazi.

Mawu okhazika mtima pansi ndi omwe munthu angathe kuwatsimikizira yekha ali chiimire pomwepo. Chikwangwani chonga ichi chimagwira ntchito kuposa matamando: "Takulandirani. Kuika ndalama n'kwaulere. Nambala yanu yachinsinsi mumalemba nokha, ife sitifunsa. Musachoke meseji isanafike."

Mzere uliwonse pamenepa uli ndi chifukwa chake. Pochotsa ndalama, kasitomala amaimba *211# ngati ali pa Airtel Money, kapena *444# ngati ali pa Mpamba, kenako n'kulemba nambala ya ejenti, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala yachinsinsi ija foni imaitcha PIN. Mtengo wochotsera umadulidwa muakaunti momwemo, palibe zoonjezera pamanja. Ejenti amayembekezera meseji yake, n'kuwerenga ndalama. Palibe pomwe amafunikira PIN ya mwini foni. Tsono ejenti akalemba poyera kuti iye safunsa, wadzitsatsa kuti ndi wachilungamo, komanso waphunzitsa kasitomala kukayikira wina aliyense amene adzafunse mawa, kaya pa tebulo lina kaya pa foni.

Chenjezo lofunika malo aakulu ndi la meseji yabodza. Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato walandira meseji yoti walandira K50,000. Pasanathe mphindi ziwiri foni ikulira, wina akudandaula ndi mawu achisoni: "Pepani mayi, ndalakwitsa nambala, ndalama ija inali ya wodwala kuchipatala, ndibwezereniko." Mayiyo, poti ndi munthu wa umunthu, akuthamangira kwa ejenti kuti abweze. Chikhalirecho palibe tambala yomwe yalowa. Meseji ija wailemba ndi wakubayo pa foni yake, ndipo ndalama yomwe ituluke ndi ya mpamba wa tomato.

Kuzindikira kwake n'kosavuta. Meseji yeniyeni imabwera m'dzina la kampani, pomwe yabodza pamwamba pake pamaoneka nambala wamba ya foni. Chachikulu kuposa zonse ndi kuona balansi kudzera pa *211# kapena *444#, osati kukhulupirira balansi yolembedwa mumesejimo. Ngati mayi anali ndi K62,000 ndipo ikadali yomweyo, nkhani yathera pomwepo. Ikakhala kuti ndalama yalowadi molakwika, wotumizayo auzidwe kuti akadandaule ku kampani, ndiyo imabweza. Zonsezi pachikwangwani zimakwana mumzere umodzi: "Wina akati watumiza molakwika, onani kaye balansi. Tikuthandizani kwaulere."

Chinyengo china ndi chodziwika kwa aliyense: meseji ya "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", foni yoti mwapambana mphoto koma mulipire kaye, yoti dzina lanu lalowa mu Mtukula Pakhomo, yoti katundu wochokera ku Joni wagwidwa pa chipata cha Mwanza. Apolisi akhala akunena kuti ena mwa oimba mafoni oterewa ndi akaidi a kundende ya Zomba. Koma ejenti asayese kulemba zonsezi, chikwangwani chingasanduke nyuzipepala. Nkhani zonsezi zili ndi mutu umodzi, ndiye mawunso akhale amodzi: "Mphoto kapena thandizo lenileni sililipiritsa."

Kalankhulidwe nako n'kofunika. Mawu ngati "Mukaberedwa zanu zimenezo" amathamangitsa anthu, ndipo woberedwa amabisa chifukwa cha manyazi. Ejenti wanzeru akaona gogo akutumiza ndalama foni ili kukhutu, wina akumufulumizitsa, amafunsa mwaulemu: "Agogo, amene mukuwatumizirawa mukuwadziwa? Taonani dzina latuluka apa, ndi lomweli?" Mwina apo wataya komishoni ya tsikulo. Koma agogowo sadzapitanso tebulo lina, ndipo akauza a kumpingo ndi a kubanki mkhonde.

Chikwangwanicho chikhale cha m'Chichewa, kapena Chitumbuka ndi Chiyao kumene zimalankhulidwa, cha zilembo zikuluzikulu, chopachikidwa pomwe maso amagwera munthu akamayembekezera meseji. Nambala ya ejenti ndi dzina lomwe limatuluka pa foni zilembedwe moonekera, kuti wochotsa ndalama azifananiza asanalembe PIN.

Ndipo amene waberedwa kale asazengereze. Asafufute meseji, asunge nambala yomwe inamuimbira, akanene ku shopu ya kampani komanso kupolisi tsiku lomwelo, chifukwa akuba sachedwa kuchotsa ndalama ikangolowa.