Galu Akagonekedwa, Mizere Itatu Ndiyo Imamulankhulira

Galu amene wapatsidwa mankhwala ogonetsa kuti achitidwe opaleshoni sangalire, sangagwedeze mchira, sangasonyeze kuti zinthu zikumuipira. Mankhwala omwe amamuchotsera ululuwo ndi omwenso amafooketsa kupuma kwake, kutakasula mitsempha ya magazi ndi kuchedwetsa mtima. N'chifukwa chake pamene dokotala wa ziweto ali kalikiliki ndi mpeni, pamafunika munthu wina kumutu kwa galuyo, maso ali pa makina, akulemba manambala mphindi zisanu zilizonse. Pa makinapo pamayenda mizere ingapo, koma itatu ndiyo ikuluikulu: wa mpweya woipa umene galu akutulutsa, wa kuthamanga kwa magazi, ndi wa kagundidwe ka mtima. Uliwonse paokha ukhoza kunamiza munthu. Luso lili pa kuiwerenga pamodzi.

Tiyerekeze galu wamkazi wolemera makilogalamu 20, wathanzi, amene akumuchotsa chiberekero kuti asamaswe. Wabayidwa jakisoni, wagona, amulowetsa kapaipi m'kholingo, ndipo akupuma okosijeni wosakaniza ndi mankhwala otchedwa aisofuloreni.

Mzere woyamba umachokera ku kachipangizo kotchedwa kapunogirafu, kamene kamayeza mpweya woipa pakamwa pa kapaipi kaja. Galu akatulutsa mpweya, mzere umakwera msanga, n'kuyenda chathyathyathya pang'ono, kenako n'kugwera pa ziro akamakoka mpweya wina. Nambala ya pamwamba pake imalembedwa kuti ETCO2, ndipo yabwino imakhala pakati pa 35 ndi 45 mmHg. Kungooneka kwa mzerewu kumatsimikiza kuti kapaipi kalowadi njira ya kumapapo, osati ya chakudya. Mzere ukazimiririka mwadzidzidzi, kawirikawiri paipi yavuka, yatsekeka, kapena galu wasiya kupuma. Ukamalephera kubwerera pa ziro, ndiye kuti galu akupumanso mpweya umene watulutsa kale, ndipo woyang'anira amafulumira kuona timibulu ta sodalaimu timene timayamwa mpweya woipawo. Tikatha mphamvu, timasintha mtundu, tambiri timasanduka tapepo.

Koma pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Mpweya woipa umapangidwa m'thupi monse, ndipo umafika kumapapo utanyamulidwa ndi magazi. Magazi akachepa kuyenda, mpweya wofika kumapapo umachepanso. Choncho kachipangizo kooneka ngati kongoyeza kupuma kamanenanso za mtima, ndipo nthawi zina ndi kamene kamayamba kunena.

Mzere wachiwiri ndi wa bipi. Kalamba kopopa kamamangidwa pamwendo kapena patsinde la mchira, ndipo m'lifupi mwake muyenera kukhala pafupifupi 40 peresenti ya kuzungulira kwa mwendowo. Mwendo wozungulira masentimita 10 umafuna kalamba ka masentimita 4. Kakachepa, makina amapereka nambala yokwera kuposa yeniyeni, woyang'anira n'kumakhala mtima phee pamene galu ali pa mavuto. Nambala yofunika kwambiri ndi yapakati, yolembedwa MAP. Ikatsika kupitirira 60 kwa nthawi yaitali, impso sizilandira magazi okwanira, ndipo kuonongeka kwake kumadzaonekera patapita masiku, galu ali kale kunyumba.

Wachitatu ndi ECG, mzere umene umajambula timphamvu ta magetsi toyendetsa mtima. Umaonetsa ngati mtima ukugunda mwadongosolo, ukudumphiza, kapena ukuponya kugunda kosayenera. Malire ake ndi awa: uli ngati mawu a kapitawo pa ntchito, umamva kuti lamulo laperekedwa, koma suona ngati makasu akugweradi pansi. Mtima ukhoza kuleka kupopa magazi, mzere wa ECG n'kumapitirirabe kuoneka bwino kwa kanthawi. Woyang'anira wodalira mzere umenewu wokha amazindikira mochedwa.

Tibwerere kwa galu uja. Patapita mphindi 20, MAP yatsika kufika pa 55, mtima ukugunda ka 70 pa mphindi, galu akupuma mwa apo ndi apo, ndipo ETCO2 yakwera kufika pa 60. Woyang'anira akweza nsalu n'kuyang'ana diso: labwerera pakati, silikuphethira, nsagwada zalobodoka. Zonsezi zikunena chinthu chimodzi, chakuti galu wagona kwambiri. Aisofuloreni wochuluka watakasula mitsempha ndi kufooketsa kupuma. Yankho loyamba si jakisoni wina ayi. Ndi kuchepetsa mankhwalawo, mwina kuchoka pa 2 peresenti kufika pa 1.5, ndi kumuthandiza kupuma pofinya thumba la mpweya pang'onopang'ono. M'mphindi zochepa bipi imakwera, mpweya woipa n'kutsikira cha m'ma 40.

Tsopano tisinthe nkhani. MAP ndi 55 yomweyo, koma mtima wachoka pa 90 kufika pa 150, ndipo ETCO2 ikutsika kuchoka pa 42 kufika pa 28 ngakhale kuti kapumidwe sikanasinthe. Nkhama zayera. ECG ikuoneka bwinobwino, kungoti ikufulumira. Apa woyang'anira sazengereza kuuza dokotala kuti afufuze m'mimbamo, chifukwa chithunzi chotere n'cha galu amene akutaya magazi, ndipo pa opaleshoni imeneyi kawirikawiri umakhala ulusi womangira mtsempha umene wapulumuka. Galu wa msinkhu uwu ali ndi magazi osakwana malita awiri, ndiye sipakhala nthawi yokambirana. Diripi yomwe inkayenda mamililita 100 pa ola imatsegulidwa kuti alandire pafupifupi 200 m'mphindi 15, aisofuloreni amachepetsedwa, koma chopulumutsa chenicheni ndi kupeza mtsemphawo n'kuumanga. Nambala ya bipi inali imodzi m'nkhani ziwiri zonsezi. Chinasiyanitsa ndi kumene mizere ina iwiri inkalowera.

Mtima wogunda pang'onopang'ono nawonso umafuna kuufunsa mafunso usanaupatse mankhwala. Galu wobayidwa medetomidini kapena zailazini akhoza kumagunda ka 45 pa mphindi bipi ili bwino kapena yokwera, chifukwa mankhwalawa amafinya mitsempha ndipo mtima umadzichedwetsa wokha poyankha. Kumubaya atiropini pamenepo kuti nambala ioneke yokongola ndi kuukakamiza mtima kupopa molimbana ndi mitsempha yofinyika. Koma mtima ukachedwa bipi n'kutsikira limodzi, monga zimachitikira ndi mankhwala ena oletsa ululu a mtundu wa mofini, atiropini amathandiza.

Ine ndimaona kuti makina si amene amasunga galu, koma munthu amene sakuchoka pamalopo. Zipatala zambiri zilibe zipangizo zonsezi, komabe chala chili pa mtsempha wa kuntchafu, diso lili pa nkhama ndi pa thumba la mpweya, zimagwira zambiri. Ngakhale pamene makina alipo, nambala yodabwitsa imayamba yatsimikizidwa pogwira galuyo, chifukwa waya wovuka ndi wofala kuposa mtima woima.

Kafukufuku wamkulu wa ku Britain amene anasindikizidwa mu 2008 anapeza kuti pafupifupi galu mmodzi mwa 600 alionse ogonekedwa anafa pa zifukwa zokhudza mankhwalawa, ndipo chiopsezo chinali chachikulu kwambiri kwa agalu odwala kale. Pafupifupi theka la imfazo zinachitika opaleshoni itatha, makamaka m'maola atatu oyamba, nthawi imene mawaya achotsedwa ndipo anthu ayamba kutsuka zida. Choncho musanasiye galu wanu ku chipatala, funsani kuti ndani adzakhale akumuyang'anira ali mtulo, adzayeza chiyani, ndipo ndani adzakhale naye mpaka atadzutsa mutu.