Manambala Awiri Oyesera Oyendetsa Thumba la Ndalama

Thumba la ndalama, monga la penshoni, limasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri ndi kugulira masheya, ngongole za boma ndi chuma china chobala phindu. Phindu la thumba lotere palokha silikwanira kusonyeza ngati oliyendetsa agwira ntchito bwino. Thumba limene lapindula 15 peresenti m'chaka chimene msika wonse unakwera ndi 25 peresenti latsalira, pamene limene lataya 3 peresenti msika utagwa ndi 6 peresenti lachita bwino. N'chifukwa chake thumba lililonse limayesedwa ndi mulingo wosankhidwa pachiyambi. Mulingowu kawirikawiri umakhala indekisi, ndiye kuti nambala yosonyeza kayendedwe ka gulu la masheya, monga S&P 500 ku America, FTSE 100 ku Britain kapena MASI pa msika wa masheya wa ku Blantyre.

Poyerekeza thumba ndi mulingo wake pamatuluka manambala awiri. Yoyamba imalembedwa pa malipoti kuti `tracking error` kapena TE, ndipo imayesa kupatuka kwa thumba pa njira ya mulingo. Yachiwiri ndi `information ratio` kapena IR, imene imasonyeza phindu limene kupatukako kwabweretsa.

Zonse zimayambira pa kusiyana kwa phindu la thumba ndi la mulingo m'nyengo iliyonse. Chitsanzo chongoyerekeza ndi ichi. Pa zaka zisanu mulingo unapindula 10, 18, -6, 12 ndi 6 peresenti, pamene thumba linapindula 13, 17, -3, 11 ndi 7. Pochotsera, kusiyana kwake chaka ndi chaka ndi +3, -1, +3, -1 ndi +1. Manambalawa akaphatikizidwa amapereka 5, ndipo 5 akagawidwa pa zaka zisanu, avereji yake ndi 1 peresenti. Motero thumba linkaposa mulingo ndi 1 peresenti pa chaka.

TE simayesa avereji imeneyi koma kumwazikana kwa manambala aja moizungulira. Chaka chilichonse chatalikira avereji ndi 2, -2, 2, -2 ndi 0. Nambala iliyonse imachulukitsidwa ndi iyo yomwe kuti zopitirira ndi zoperewera zisafafanizane, ndipo zimatuluka 4, 4, 4, 4 ndi 0, zonse pamodzi 16. Nambalayi imagawidwa ndi 4, amene ndi chiwerengero cha zaka kuchotsapo chimodzi, ndipo yankho ndi 4. Chomaliza ndi kupeza nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 4, ndiyo 2. TE ya thumbali ndi 2 peresenti. Tanthauzo lake ndi lakuti, ngati zinthu zipitirira kuyenda momwemo, pafupifupi zaka ziwiri pa zitatu zilizonse kusiyana kwa thumba ndi mulingo kudzagwera pakati pa -1 ndi +3.

IR imapezeka pogawa avereji ya kusiyana ndi TE. Pano 1 kugawa ndi 2 ndi 0.5. Mu Excel, kusiyana kwa zaka zija kukalembedwa pa C2 mpaka C6, mzere woyamba pansipa umapereka TE ndipo wachiwiri IR:

```
=STDEV.S(C2:C6)
=AVERAGE(C2:C6)/STDEV.S(C2:C6)
```

Makampani ambiri amawerengera ndi manambala a mwezi ndi mwezi, a miyezi 36 kapena 60. Pamenepo avereji imachulukitsidwa ndi 12 kuti ikhale ya chaka, koma TE imachulukitsidwa ndi 3.46, nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka pafupifupi 12. Cholakwa chofala ndi kuyerekeza TE ya mwezi ya thumba lina ndi TE ya chaka ya linzake.

Ntchito ya IR imaoneka bwino matumba awiri akaikidwa pamodzi. Thumba lachiwiri likhale loposa mulingo womwewo ndi 2 peresenti pa chaka, koma TE yake ndi 8. Poyang'ana phindu lokha, ili ndi lopambana. IR yake ndi 0.25, theka la ija ya loyamba. Oyendetsa ake anapatuka kanayi kuposa anzawo kuti apeze phindu lowirikiza kawiri kokha, ndipo mwini ndalama wofuna kutapa m'chaka choipa angapeze thumba litatsalira mulingo ndi 6 peresenti kapena kupitirira. Richard Grinold ndi Ronald Kahn, amene analemba buku lotchuka pa nkhaniyi, anaika 0.5 kukhala IR yabwino, 0.75 yabwino kwambiri, ndi 1.0 yapadera.

TE yaing'ono si yabwino nthawi zonse. Zimatengera zimene thumba linalonjeza. Pali matumba ongotsatira indekisi, monga limene John Bogle anatsegula ku kampani ya Vanguard mu 1976 kuti lizitsatira S&P 500. Kwa matumba amenewa TE iyenera kuyandikira 0. Ikakwera, chifukwa chake chimakhala chakuti mbali ya ndalama ikungokhala osagulira masheya, kapena thumba lagula masheya ena okha mwa amene ali mu indekisi, kapena likuchedwa kusintha pamene indekisi yasintha. Pa msika wa makampani ochepa ngati wa ku Blantyre, masheya ena sapezeka ogulitsa pa nthawi imene akufunika, ndipo izi zokha zimapatutsa thumba. Koma thumba limene oyendetsa ake amalipiritsa ndalama zambiri ponena kuti amasankha okha masheya, TE yotsika kwambiri imawaulula: akungotsatira indekisi mobisa, ndipo eni ndalama akulipira luso limene silikugwiritsidwa ntchito.

Manambalawa ali ndi malire. TE siona kutsalira kosasintha. Thumba limene limaperewera mulingo ndi 1 peresenti ndendende chaka chilichonse chifukwa cha malipiro a oyendetsa lili ndi TE ya 0, chonsecho eni ake akutaya. Nchifukwa chake avereji ya kusiyana iyenera kuwerengedwa pambali pa TE, ndipo phindu likhale lochotsedwa kale malipirowo. Malire achiwiri ndi mulingo wolakwika. Thumba limene theka la chuma chake ndi ngongole za boma likayesedwa ndi indekisi ya masheya okha, TE ndi IR zake zimangosonyeza kusiyana kwa mitundu iwiri ya chuma, osati luso la munthu. Lifunika mulingo wosakaniza mofanana ndi chuma chake.

Malire achitatu ndi nthawi. Kuti zidziwike ngati phindu ndi la luso kapena la mwayi, akatswiri a ziwerengero amachulukitsa IR ndi sikweya ruti ya chiwerengero cha zaka, ndipo yankho limafunika kufika pafupifupi 2. Kwa IR ya 0.5 pamafunika zaka 16, popeza sikweya ruti ya 16 ndi 4, ndipo 4 kuchulukitsa ndi 0.5 ndi 2. Zaka zisanu za m'chitsanzo chija zimangofikitsa 1.1, umboni wosakwanira. Pa zaka 16 oyendetsa thumba angakhale atasinthidwa kale, ndipo mbiri yakale sinenanso za atsopano.

Matrasti a thumba la penshoni ndi aliyense woikamo ndalama ayenera kufunsa zinthu zinayi asanakhulupirire lipoti: dzina la mulingo, kutalika kwa nthawi yowerengedwa, ngati malipiro a oyendetsa achotsedwa, ndi TE imene ili pansi pa IR yolengezedwayo. Lipoti longonena kuti thumba laposa msika, popanda mayankho amenewa, silikwanira kuweruzira ntchito ya oliyendetsa.